Dayamondi wa mu mgodi ndi wa m'fakitale: tsiku logulitsa ndilo limaulula

Mu 2021, ku labotale ya bungwe la GIA mumzinda wa Antwerp ku Belgium kudabwera mwala wa dayamondi wolemera makarati 3.075. Mwini wake adapempha kuti aupime mwatsopano, ndipo adabweretsa chikalata chimene bungwe lomwelo lidapereka mu 2018, chonena za dayamondi wokumbidwa pansi wa makarati 3.078. M'mbali mwa mwalawo mudali nambala yolembedwa ndi kuwala kwa leza, yofanana ndi ya pa chikalata. Kusiyana kwa kulemera kudali kochepa zedi, poti karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a galamu, ndiye apa tikunena kachidutswa kosakwana n'kamchenga komwe. Koma akatswiri ataupima adapeza kuti mwalawo sudachokere mu mgodi uliwonse. Udapangidwa m'fakitale, wina n'kuusema dala kuti ufanane ndi mwala wa pa chikalatacho, n'kulembapo nambala yabodza.

Chodabwitsa pa nkhaniyi n'chakuti mwalawo sudali galasi kapena chinthu china chongonyezimira. Adali dayamondi weniweni. Bodza lidali pa kumene udachokera basi, ndipo bodza lokhalo lidali lokwanira kukweza mtengo wake kangapo.

Dayamondi ndi kaboni, chinthu chomwecho chimene chili m'makala, koma maatomu ake adalukana mothinana kwambiri. Wa mu mgodi adapangika pansi pa nthaka, pa kuya kwa makilomita 150 mpaka 200, ndipo wambiri ali ndi zaka zoposa biliyoni imodzi. Adakwera pamwamba ndi ziphalaphala zakalekale, n'chifukwa chake migodi monga ya Jwaneng ndi Orapa ku Botswana, kapena ya Kimberley ku South Africa, idakumbidwa pa mabowo a ziphalaphala zimenezo. Wa m'fakitale amakula m'masiku kapena masabata owerengeka. Kampani ya General Electric ku America idakwanitsa kupanga dayamondi kumapeto kwa 1954, koma kwa zaka zambiri timiyalato tinkangogwira ntchito yodulira ndi kunolera zitsulo. Miyala yaikulu, yoyera, yoti n'kuika pa mphete idayamba kuchuluka pa msika m'zaka za m'ma 2010.

Njira zopangira zilipo ziwiri, ndipo pa chikalata zimalembedwa ndi zilembo HPHT ndi CVD. Mu njira yoyamba amatsanzira zimene zimachitika pansi pa nthaka. Kambewu ka dayamondi amakaika m'makina pamodzi ndi kaboni komanso zitsulo zosungunuka monga ayironi, nikelo ndi kobati, n'kuzitentha kufika madigiri 1,300 mpaka 1,600, uku akuzipanikiza ndi mphamvu yoposa ka 50,000 kuyerekeza ndi mpweya wotizinga. Kaboni amasungunuka m'zitsulomo n'kumamatirira pa kambewu kaja. Mu njira yachiwiri safuna kupanikiza. Amaika kachidutswa kafulati ka dayamondi m'chipinda chotsekedwa, n'kulowetsamo mpweya wa metheni ndi haidirojeni. Mpweyawo ukatenthedwa, kaboni amagwera pa kachidutswako pang'onopang'ono monga fumbi ligwera pa tebulo, mwalawo n'kumakula mosanjikizana. Mafakitale ambiri a njira yoyamba ali m'chigawo cha Henan ku China, ndipo ambiri a njira yachiwiri ali ku Surat ku India, mzinda umene umasemanso miyala yambiri ya mu mgodi.

Wina angati zili ngati nkhuku ya chikuda ndi ya chizungu: zonse ndi nkhuku, koma ina idakula miyezi yambiri ikupalasa pa dzala, inayo masabata 6 m'khola. Fanizoli limathera panjira, chifukwa nkhuku lilime limaizindikira, pomwe dayamondi palibe diso limene lingamuzindikire. Kulimba n'kumodzi, kunyezimira n'kumodzi, kulemera n'kumodzi. Munthu amene wagulitsa mphete zaka 30 akakuuzani kuti amangoyang'ana n'kudziwa, akudzinamiza yekha kapena akunamiza inu.

M'masitolo ambiri a mphete, komanso m'malo okongoza ndalama posiya chikole, mumapezeka kachipangizo konga cholembera kamene amakhudzitsa pa mwala, iko n'kulira kapena kuyatsa nyali. Anthu ambiri apusitsika nako. Kachipangizoka kamangoyeza liwiro limene kutentha kumadutsira mu mwala. Kamathandiza kugwira galasi ndi zikoniya, zimene si dayamondi n'komwe. Mwala wina wotchedwa moisanayiti umakapusitsa, n'chifukwa chake padabwera tizipangizo tina toyezanso magetsi. Koma pa funso lathu lino tonseti tilibe yankho: dayamondi wa m'fakitale kamamuvomera mofanana ndi wa ku Jwaneng, poti onse ndi dayamondi. Nthawi zina timasokonezanso zinthu, chifukwa miyala ina ya HPHT imakhala ndi boroni pang'ono amene amadutsitsa magetsi, ndiye kachipangizo kamanena kuti ndi moisanayiti pomwe ndi dayamondi weniweni.

Umboni weniweni uli mu nayitirojeni, mpweya umene ndi wochuluka kwambiri mu mpweya umene timapuma. Pafupifupi miyala 98 pa 100 iliyonse ya mu mgodi ili ndi maatomu a nayitirojeni m'kati mwake. Atakhala pa moto wa pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambirimbiri, maatomuwa adayenda pang'onopang'ono n'kudziunjika awiriawiri kapena anayianayi. Kuunjikana kumeneku kumafuna nthawi, ndipo nthawi ndiyo imene fakitale ilibe. Opanga dayamondi woyera amachotseratu nayitirojeni, chifukwa akangotsala momwazikana mwala umatuluka wachikasu. Choncho makina oyamba kupimira, monga DiamondSure wa kampani ya De Beers kapena iD100 wa GIA, amaunika mwala n'kufufuza chizindikiro cha nayitirojeni wounjikana. Akachipeza, ndiye kuti mwalawo ndi wa mu mgodi, nkhani yatha.

Akapanda kuchipeza, makinawo sanena kuti mwalawo ndi wa m'fakitale. Amangolemba mawu akuti Refer, kutanthauza kuti utumizidwe kwa akatswiri. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ilipo miyala yochepa ya mu mgodi, umodzi kapena iwiri pa 100 iliyonse, imene ilibe nayitirojeni woti n'kuyezeka, ndipo ina mwa iyo ndiyo yamtengo wapatali kuposa yonse. Dayamondi wa Cullinan, amene adapezeka ku South Africa mu 1905 akulemera makarati 3,106, ndi wa mtundu umenewu. Ataikidwa pa makina a m'sitolo lero, nayenso angamukayikire.

Ku labotale amayang'ana kakulidwe ka mwala. Monga mtengo ukadulidwa umaonetsa mizere ya zaka zake, dayamondi amasunga mbiri ya mmene adakulira, kungoti siioneka popanda kuwala kwapadera. Makina otchedwa DiamondView amaunika mwala ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mtundu umene a kubanki amaunikira ndalama zokayikitsa koma kwamphamvu kuposa pamenepo. Mwala umawala, ndipo mizere yake imaonekera. Wa mu mgodi kawirikawiri umawala mwa buluu ndi mizere yosalongosoka, poti udakula modukizadukiza. Wa HPHT umaonetsa zigawo zooneka bwino, nthawi zambiri zonga mtanda, ndipo nyali ikazimitsidwa umapitiriza kuwala kwa kanthawi. Wa CVD umaonetsa timizere tosanjikizana, umboni wa kukula kwake kwa pang'onopang'ono kuja, ndipo makina ena amapezamo silikoni wochokera m'chipinda chimene udakuliramo.

Pali zizindikiro zina zimene munthu wa maikulosikopu angaone. Mu mwala wa HPHT nthawi zina mumatsalira tizidutswa takuda ta chitsulo, ndipo tikachuluka mwalawo umakokeka ndi maginito amphamvu. Koma chizindikirochi chimagwira mbali imodzi yokha: chikaoneka chimatsutsa mwala, chikapanda kuoneka sichiuyeretsa. Miyala yabwino ya masiku ano ilibe tizidutswa totere.

Nanga munthu wamba amene waima pa kauntala ku Joni kapena ku London, akufuna mphete ya chinkhoswe, angachite chiyani? Ayambire pa chikalata chochokera ku labotale yodziwika, monga GIA kapena IGI, osati kapepala kolembedwa ndi sitolo yomweyo. Kenako apemphe kagalasi kokulitsa zinthu ka 10 kapena maikulosikopu, ayang'ane m'chiuno mwa mwala, pamene pakumana gawo la pamwamba ndi la pansi. Pamenepo pamakhala nambala ya chikalata, ndipo miyala ya m'fakitale yogulitsidwa moona mtima imakhalanso ndi zilembo LG kapena mawu akuti Laboratory-Grown. Nambalayo ailembe pa malo ofufuzira zikalata a labotaleyo pa intaneti, aone ngati kulemera, mtundu ndi miyeso ya mamilimita zikugwirizana ndi mwala umene uli patsogolo pake.

Izi zimatchinga chinyengo chambiri, koma osati chonse, monga mwala wa ku Antwerp uja udaonetsera. Nambala ya leza ikhoza kufufutidwa posalazanso m'chiuno mwa mwala, ndipo ikhoza kulembedwa yabodza. Ngati ndalama zake n'zambiri, makamaka pogula kwa munthu osati kusitolo yokhazikika, mwalawo upimidwe pa makina ogula akuona, kapena utumizidwe ku labotale ndalama isanaperekedwe. Timiyala ting'onoting'ono tozungulira mwala waukulu pa mphete ndito tovuta kwambiri, chifukwa tilibe chikalata kapena nambala, ndipo kusakaniza kumachitika kwambiri pamenepo. Vutoli si latsopano. Mu 2012 labotale ya IGI ku Antwerp idapeza mazana angapo a miyala ya CVD m'phukusi limene lidabwera ngati la miyala ya mu mgodi.

Tsopano tifike pa ndalama, pamene miyala iwiriyi imasiyanadi.

Cha m'ma 2016, dayamondi wa m'fakitale ankatsika mtengo pang'ono chabe poyerekeza ndi wa mu mgodi. Mu 2018 kampani ya De Beers, imene kwa zaka zambiri inkakana kugulitsa miyala yotere ya pa mphete, idatsegula kampani yake yotchedwa Lightbox n'kuika mtengo umodzi: madola 800 pa karati, kaya mwala ndi waung'ono kaya waukulu. Uthenga wake udali woonekeratu. Mwala wa mu mgodi mtengo wake pa karati umakwera mwalawo ukamakula, chifukwa waukulu ndi wosowa, pomwe wa m'fakitale kuti ukule umangofuna masiku owonjezera ndi magetsi. Mu 2024 Lightbox idatsitsa mtengo kufika madola 500 pa karati, ndipo mu 2025 De Beers idalengeza kuti ikuitseka, itaona kuti mitengo ya pikulitsa yagwa kwambiri. M'chaka chomwecho GIA idasiya kupereka magiredi atsatanetsatane a mtundu ndi kuyera kwa miyala ya m'fakitale, n'kuyamba kuigawa m'magulu awiri okha, chifukwa pafupifupi yonse imatuluka yabwino mofanana.

Chimene chimalamula mtengo wogulitsiranso si ndalama zimene inu mudalipira. Wogula amadzifunsa funso limodzi: mwala wonga uwu ndingaupeze pa ndalama zingati lero kwa amene amandipikulitsa? Akadziwa mtengowo amakupatsani wotsikirapo, chifukwa kwa wopikulitsa amatha kutenga pa ngongole ndi kubweza zosagulika, pomwe inu mukufuna ndalama pamanja. Aliyense amene adagulitsapo chimanga kwa mavenda nthawi yokolola akudziwa zimenezi. Venda safunsa kuti feteleza mudagula zingati, amangoyang'ana matumba amene adzaza pa msika.

Tiyerekeze ndi anthu atatu, ndipo ziwerengerozi n'zongofanizira kuti tione mmene masamu ake amayendera. Woyamba adagula mphete ya dayamondi wa mu mgodi wa karati imodzi pa madola 5,000. M'ndalama zimenezi muli phindu la sitolo, lendi, msonkho, malipiro a osula mphete ndi golide wake. Tinene kuti mwala wokhawo sitolo idaupeza pa madola 3,000. Tsiku limene munthuyu adatuluka pa khomo la sitolo, madola pafupifupi 2,000 adatsala komweko, ndipo sadzabweranso. Patapita zaka, mavuto amugwera, wabwera kudzagulitsa. Ngati mtengo wa pikulitsa watsika kufika madola 2,500, wogula angamupatse 1,800 kapena 2,000. Wataya madola 3,000, koma watuluka ndi kanthu m'thumba, ndipo akayenda masitolo atatu apeza ogula atatu.

Wachiwiri adagula wa m'fakitale wofanana naye kale, mitengo isanagwe, pa madola 3,500, akusangalala kuti wapulumutsa 1,500. Uyu ndiye wolira kwambiri. Lero sitolo yomweyo ikugulitsa mwala watsopano wonga wakewo pa madola osakwana 1,000, ndipo iyo imaupeza pa 200 kapena kucheperapo. Ingamupatse zingati? Mwina madola 50 kapena 100, mwinanso kukana kumene, poti palibe chifukwa chogulira wakale pamene watsopano angabwere mawa ndi chikalata chake. Chimene chingamupulumutse pang'ono ndi golide. Mphete ya magalamu 4 yolembedwa 750 m'kati mwake ili ndi magalamu 3 a golide weniweni, ndipo golide ali ndi mtengo wodziwika tsiku lililonse. Si zachilendo kuti pa mphete yotere golide apose mwala mtengo.

Wachitatu wagula wa m'fakitale lero pa madola 900. Akadzagulitsa adzataya pafupifupi zonse, tinene 850. Mukawerengera pa 100 iliyonse, iyeyu wataya kuposa woyamba uja. Mukawerengera ndalama zenizeni, woyamba wataya 3,000, uyu 850, ndipo madola 4,100 amene sadalipire adakali ake. Otsatsa malonda a mbali zonse ziwiri amasankha kuwerengera kumene kukuwakomera. A migodi amanena za gawo la mtengo limene limatsala, a mafakitale amanena za ndalama zimene zimatsala m'thumba, ndipo onse akunena zoona. Ine ndikuona kuti kwa munthu wogula mphete imodzi m'moyo wake, kuwerengera kwachiwiriku ndiko kumakhudza pakhomo.

Tisapusitsike poganiza kuti mwala wa mu mgodi ndi banki. Mtolankhani wa ku America, Edward Jay Epstein, adalemba kale mu 1982 m'magazini ya The Atlantic za anthu amene ankadabwa ndi ndalama zochepa zimene ankapatsidwa akafuna kugulitsa dayamondi wawo, ndipo nthawi imeneyo mpikisano wa mafakitale kudalibe. Golide ndi mmodzi paliponse, mumangoyeza pa sikelo. Dayamondi aliyense ali ndi kulemera kwake, mtundu wake, zilema zake ndi kasemedwe kake, ndiye mtengo wake ndi wokambirana, ndipo pokambirana amene akufuna ndalama msanga ndiye amagonja. Amalonda ali ndi mndandanda wa mitengo wa Rapaport, umene udayamba mu 1978, koma nawonso amagulitsana motsitsa kuchokera pa mndandandawo. Mwala wopanda chikalata umatsikiratu, chifukwa wogula amadziteteza poganiza kuti mwina ndi wa m'fakitale. Apa tikuona kuti kubwera kwa miyala yatsopanoyi kwapweteka ngakhale mphete zakale za agogo zimene sizidapimidwepo.

Mitengo ya miyala ya mu mgodi idakwera kwambiri mu 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022, kenako idayamba kutsika, makamaka pa miyala ya karati imodzi kapena ziwiri imene imapikisana maso ndi maso ndi ya m'fakitale. Kuchepa kwa ogula ku China kudawonjezera vutolo. Ndalama zimene De Beers idapeza zidatsika kuchoka pa madola mabiliyoni 6.6 mu 2022 kufika 3.3 mu 2024, ndipo mu 2024 kampani ya Anglo American idalengeza kuti ikufuna kusiyana nayo De Beers. Ku Botswana, kumene boma lili ndi theka la kampani ya Debswana ndipo dayamondi ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja, chuma cha dziko chidabwerera m'mbuyo mu 2024. Zimene mnyamata wa ku Texas amasankha pa kauntala zimamveka m'thumba la boma ku Gaborone.

Ilipo miyala imene imakweradi mtengo, koma si ya m'masitolo a m'tauni. Dayamondi wa pinki wotchedwa Pink Star, wa makarati 59.60, adagulidwa pa madola mamiliyoni 71.2 ku Hong Kong mu 2017. Mgodi wa Argyle ku Australia, umene unkatulutsa miyala yambiri ya pinki ya padziko lonse, udatsekedwa mu 2020, ndipo miyala yake idasanduka yosowa zenizeni. Mafakitale amapanganso dayamondi wa pinki wokongola chimodzimodzi, koma olemera amene amapikisana pa okushoni sagula mtunduwo, amagula kusowa kwake ndi chikalata chotsimikiza kumene udachokera. Ogulitsa amakonda kutchula nkhani zoterezi pofuna kukopa munthu amene akugula mwala wa theka la karati, pomwe mwala wakewo uli ndi anzake mamiliyoni.

Masitolo ena amalonjeza kuti mukadzabweza mwala adzauwerengera pa mtengo wonse umene mudagulira. Werengani bwino lonjezo lotere musanasaine. Kawirikawiri sakupatsani ndalama pamanja, amangochotsera pa mwala wina, ndipo ambiri amafuna kuti watsopanoyo akhale wodula kwambiri kuposa woyambayo, mwina kuwirikiza kawiri. Ambiri mwa iwo miyala ya m'fakitale saiika m'lonjezoli. Pepala lina losokoneza ndi la inshuwalansi, limene limalemba mtengo wogulira mphete yatsopano yofanana nayo m'sitolo, nthawi zina mokokomeza. Anthu amapita nalo kwa wogula ali ndi chiyembekezo, akuganiza kuti nambala yolembedwapo ndiyo ndalama imene alandire. Wogulayo amaliyang'ana pang'ono, n'kulikankhira pambali, n'kutenga kagalasi kake kuti afufuze nambala ya m'chiuno mwa mwala, kenako n'kuika mpheteyo pa sikelo kuti aone magalamu a golide.